Kompyuta ikafunsa m'Chiarabu, tisathamangire kuvomera

Ophunzira, makolo ndi akuluakulu a komiti, ena mwa malaputopu amene abale athu amabwera nawo kuchokera kumayiko a Aluya amalankhula Chiarabu chokhachokha. Likabuka vuto, anthu amathamangira kwa ife aphunzitsi amene tinadzera ku madrasa kuti tiwawerengere uthenga wa pa sikirini. Timawerenga ndithu, koma taona kuti kudziwa tanthauzo la mawu sikokwanira. Chofunika kwambiri n'kudziwa batani limene silisintha kanthu, n'kuyambira pamenepo.

Titenge vuto limene timakumana nalo kawirikawiri. Mphunzitsi walowetsa fulashi momwe muli malikisi a Folomu 4 a teremu yonse, ndipo kwatuluka kawindo ka Chiarabu. Pakati pa mawuwo pakuoneka chilembo E: ndipo pansi pali mabatani awiri, تهيئة القرص ndi إلغاء الأمر. Chilembo E: ndi dzina limene Windows wapatsa fulashiyo, choncho tadziwa kale kuti nkhani ili pa fulashi, osati pa laputopu yonse.

Msampha uli pa liwu loti تهيئة. M'Chiarabu cha m'mabuku athu limatanthauza kukonzekeretsa chinthu, ndipo munthu angaganize kuti kompyuta ikufuna kumuthandiza. Koma pa Windows liwuli likuimira Format, kutanthauza kuyala fulashi mwatsopano, mafayilo onse n'kusowa. Uthenga womwewu m'Chingerezi umati "You need to format the disk in drive E: before you can use it." Amene wasindikiza batani limeneli amafunsidwanso m'mawindo ena otsatira, koma ngati akungovomereza موافق, yemwe ndi OK, malikisi aja apita. Msampha wina ndi malo a mabatani. Popeza Chiarabu chimalembedwa kuchokera kumanja, Windows wa Chiarabu amatembenuza kawindo konse, ndipo Cancel amene dzanja linazolowera kumupeza kumanja amakhala kumanzere.

N'chifukwa chake timayamba ndi kujambula uthengawo pa foni, kuti tikauwerenge modekha kapena kuonetsa wina. Kenako timasankha إلغاء الأمر, yemwe ndi Cancel. Amene sadziwa zilembo za Chiarabu asindikize Esc pa kiyibodi, chifukwa amatseka kawindoko osavomereza chilichonse. Enter timamupewa, pakuti amasindikiza batani limene kompyuta yasankha kale.

Tikatero timafufuza komwe kuli vuto, kuyambira ndi zimene sizilemba kanthu pa fulashi. Timaizula n'kuilowetsa pa bowo lina la USB, chifukwa bowo lakutha kapena lafumbi lingachititse kuti isawerengeke bwino. Uthenga ukabweranso, timapita nayo pa kompyuta ina. Ikatseguka kumeneko, timakopera mafayilo onse nthawi yomweyo, tisanayambe kukambirana chimene chinalakwika.

Makompyuta awiri akanena zofanana, ndiye kuti vuto lili m'fulashi. Nthawi zambiri chimene chaonongeka ndi kaundula wa mkati amene amauza kompyuta pamene pali fayilo iliyonse. Zimachitika munthu akazula fulashi ikulembabe, kapena magetsi akathima mwadzidzidzi pa kompyuta yopanda batire. Zili ngati laibulale imene mndandanda wake wa mabuku watayika, mabukuwo ali pa mashelefu pomwepo. Kuti titsimikize, timasindikiza batani la Windows limodzi ndi R n'kulemba izi:

```
diskmgmt.msc
```

Fulashi ya 16 GB ikaoneka ndi kukula kwa pakati pa 14 ndi 15 GB, pambali pake patalembedwa RAW, chiyembekezo chilipo. Pulogalamu yaulere ya PhotoRec imafufuza mafayilo popanda kudalira kaundula uja, ngakhale kuti mayina awo amabwera atasintha ndipo ena amabwera oonongeka. Zopulumutsidwazo zisungidwe pa kompyuta, osati pa fulashi yomweyo, kuopa kulemba pamwamba pa zimene tikufunafuna. Koma ikaonetsa No Media, kapena kukula kwake n'kukhala 0, chaonongeka ndi chipangizo chenichenicho, ndipo pulogalamu yotere singathandize. Format timamusiyira kumapeto, mafayilo atapulumuka kale.

Pempho lathu ku komiti ndi lakuti malaputopu otere asinthidwe chilankhulo asanaperekedwe kwa aphunzitsi, ndipo malikisi azisungidwa malo awiri. Kwa inu ophunzira, mukakumana ndi uthenga umene simukuumva, ujambuleni, sindikizani Esc, ndipo muitane wamkulu fulashiyo isanapite m'manja mwa mnzanu aliyense wonena kuti amadziwa makompyuta.