Ubweya wa m'mphuno ndi m'makutu: dulani wotuluka, wam'kati usiyeni

Pali nkhani zina zimene munthu amauza wometa yekha, ndipo amanena motsitsa mawu. Ine ndakhala ndikumeta anthu pa boma la Mangochi kwa zaka zingapo, ndipo pempho limene ndimalimva monong'ona kuposa onse ndi lakuti: "Achimwene, mukamaliza mutuwo, muonekonso m'mphunomu." Anyamata a zaka 25 amanena akuseka kuti abise manyazi. Madala amangoloza ndi chala osanena kanthu. Azimayi ena amafunsira amuna awo, ati bambo a kunyumba safuna kumva za nkhaniyi. Ndiye lero ndati tiikambe poyera, chifukwa ndaona anthu akudzivulaza pa kanthu kakang'ono kamene kangatheke m'mphindi ziwiri.

Choyamba chimene ndimauza aliyense n'chakuti ubweya wa m'mphuno uli pa ntchito. Uli ngati sefa ya pakhomo. Mpweya ukamalowa, fumbi ndi tizinyalala timakodwa mu ubweyawo komanso m'mamina, m'malo mopitirira kupita kukhosi ndi m'mapapo. Ife a kunyanja kuno sitifunika kuuzidwa zambiri. Yendani pa kabaza mu Okutobala kuchoka pa mlatho wa Bakili Muluzi kulowera m'midzi, mukafika minani pa kansalu koyera muone mtundu wake. Kapena khalani tsiku limodzi pa doko la Msaka kapena Makawa pamene amayi akuwamba nsomba, utsi uli tolo. Mwera ukamaomba m'miyezi ya Juni ndi Julayi, mchenga wa m'mbali mwa nyanja umauluka n'kulowa paliponse. Zonsezo zimayamba zakumana ndi ubweya umenewu. Madokotala a ku Turkey anafufuzapo mu 2011 pakati pa anthu amene amadwala chimfine chobwera ndi nyengo, ndipo anapeza kuti amene anali ndi ubweya wochepa m'mphuno ankapezeka ndi mphumu kawirikawiri kuposa amene anali ndi wambiri. Choncho cholinga si kusesa m'mphuno kuti mukhale see. Cholinga n'kufupikitsa kokha ubweya umene watulukira kunja.

Anthu ambiri amadabwa kuti ubweyawu umachokera kuti, popeza ali anyamata sunkaoneka. Unalipo kale, koma unali waufupi. Mwamuna akamakula, mahomoni aamuna amachititsa kuti ubweya wa m'mphuno, m'makutu ndi m'nsidze uzikula nthawi yaitali usanathothoke, ndiye umatalika n'kukhuthala. N'chifukwa chake bambo amene dazi layamba amadandaula kuti tsitsi lasamuka kumutu n'kukamanga m'makutu. Si matenda ayi. Ndipo zoti ukadula umamera wambiri n'zabodza. Kudula sikukhudza muzu. Chimene chimachitika n'chakuti nsonga yodulidwa imakhala yobuntha, ndiye ikamatuluka imamveka yolimba ngati chiputu cha ndevu.

Vuto lalikulu ndi kuzula. Ndimawaona anyamata pa siteji, podikira makasitomala, akutsina ubweya ndi zikhadabo n'kukoka mpaka misozi m'maso. Ubweya ukazulidwa, pamatsala kabala kakang'ono pamene panali muzu. M'mphuno ndi monyowa, mofunda, ndipo mwa anthu ambiri athanzi mumakhala tizilombo totchedwa sitafilokokasi, timene timayambitsa zithupsa. Tikakhala pamwamba pa khungu sitivuta. Tikapeza kabala, timalowa.

Mnyamata wina wa kabaza amene ndimamumeta mwezi ndi mwezi anafika Lachitatu lina nsonga ya mphuno itafiira, ikunyezimira. Anati Lamlungu anazula ubweya utatu kapena unayi popita ku chinkhoswe. Lolemba anangomva kuyabwa. Lachiwiri pamayamba kuwawa akakhudza, ndipo m'kati munali kachiphuphu. Pofika Lachitatu kutupa kunali kutayamba kutsikira ku mlomo wa m'mwamba.

"Achimwene, tangondifinyani chituluke, ndikagwire ntchito," anatero.

Ndinakana. Ndinamuuza kuti chithupsa cha pamalo amenewo sichifinyidwa. Mitsempha ya magazi ya pakati pa nkhope, kuyambira m'mbali mwa kamwa kukafika pakati pa maso, imalumikizana ndi mitsempha ya m'kati mwa chigaza. Sizichitika kawirikawiri, koma matenda angathe kudzera njira imeneyo n'kufika pafupi ndi ubongo, ndipo kufinya kumakankhira mafinya m'kati. Ndinamuuza kuti athowe ndi kansalu koviika m'madzi ofunda, ndipo popeza kutupa kunali kufalikira, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Ananyinyirika poganiza za ndalama za tsikulo, koma anapita. Anam'patsa mankhwala, ndipo patatha sabata anabwera ali bwino. Anataya masiku atatu a ntchito chifukwa cha ubweya unayi.

Kusiyanitsa n'kosavuta. Kachiphuphu kakang'ono kamene kakuwawa pang'ono nthawi zambiri kamatha kokha mukamathowa ndi madzi ofunda osakagwiragwira. Koma kufiira kukamafalikira ku tsaya kapena ku diso, thupi likatentha, mutu ukamawawa kwambiri kapena chikope chikatupa, musadikire m'mawa. Amene ali ndi matenda a shuga asadikire n'komwe zizindikiro zonsezi, chifukwa mabala awo amachedwa kupola.

Nanga kadulidwe koyenera n'kotani? Chida chabwino ndi kasizasi kakang'ono ka nsonga zobulungira, konga kamene amawengera ana zikhadabo, kapena kamashini ka batire kopangidwira m'mphuno, kamene mpeni wake umazungulira m'kati mwa kachitsulo kotchinga. Lezala ayi. Sizasi yosongoka ya telala ayi. Khoma la pakati pa mphuno, cha kutsogolo, lili ndi timitsempha tambiri tapafupi ndi khungu, ndipo ndi pamenepo pamachokera kamfuno nthawi zambiri. Kungokanda pang'ono magazi amatuluka.

Yambani ndi kumina, kenako pukutani m'mphuno muume, chifukwa ubweya wonyowa umamatirira kukhungu ndipo sudulika bwino. Sambani m'manja, ndipo pukutani chida ndi thonje la sipiliti n'kudikira kuti chiume. Imani pa galasi pamalo owala. Panja m'mawa ndi bwino kuposa m'chipinda ndi tochi ya foni. Kwezani nsonga ya mphuno ndi chala, ndipo dulani okhawo amene akuoneka pakhomo. Nsonga yokha ya chida ndiyo ilowe. Mukamva kuti mukufuna kuyetsemula, tulutsani chida kaye. Ndipo musachite zimenezi mwana akuthamanga pafupi nanu kapena muli m'galimoto.

Mukamaliza, yang'anani pa galasi mutu uli chilili, kenako mwetulirani kwambiri. Kumwetulira kumakoka mphuno n'kutulutsa ubweya umene unabisala. Ngati palibe chooneka, mwamaliza, ngakhale mukudziwa kuti m'kati mwatsala wambiri. Ukatuluka magazi, khalani pansi, weramirani kutsogolo pang'ono, tsinani mbali yofewa ya mphuno kwa mphindi 10 osasiya. Kugadamitsa mutu kumangotumiza magazi kukhosi.

Ku makutu lamulo ndi lomwelo, koma malire ndi okhwima. Ubweya umene umadulidwa ndi wa kunja: wa pa kachichereche kamene kamatchinga khomo la khutu, wa m'mphepete ndi wa kunsi. Ngalande ya khutu ndi yaifupi, masentimita awiri ndi theka basi mwa munthu wamkulu, ndipo kumapeto kwake kuli ng'oma ya khutu, kachikopa kopyapyala kwambiri. Khutu lako sungalione wekha bwinobwino, choncho kulowetsa sizasi mongopapasa n'kusewera ndi kumva kwako. Pemphani wina akuduleni, kapena gwiritsani kamashini kotchinga kaja panja pokha. Phula la m'khutu nalo lili ndi ntchito, limateteza khungu la m'ngalandemo, ndiye musalitokose ndi machesi kapena nthenga poti mwagwira kale khutu.

Kwa ife a kunyanja pali chinanso. Khutu lokandika likalowa madzi n'kukhala lonyowa, limatupa msanga. Asodzi amene amamira pokonza makoka, ndi anyamata osambira ku Chembe kapena mu Shire, amalidziwa khutu lowawa ukangolikoka pang'ono, nthawi zina lotuluka madzi. Ine ndikadziwa kuti munthu akulowa m'madzi tsiku lomwelo, ndimasamala kwambiri kuti khungu lisakandike, ndipo ndikaona kabala ndimamuuza kuti asalowetse mutu m'madzi mpaka papole. Zija mumaona pa foni, ometa a ku Turkey akuwaula ubweya wa m'makutu ndi moto kapena kumata phula lotentha m'mphuno n'kuzula kamodzi, zionereni pomwepo. Mafuta osungunula ubweya nawo amaotcha khungu lofewa la m'mphuno ndi m'khutu.

Funso la kangati lilibe yankho limodzi, chifukwa ubweya sumera mofanana. Kwa amene ndimawameta, ambiri a zaka za m'ma 20 ndi 30 amakwanira kudula m'mphuno kamodzi pa masabata awiri, ena kamodzi pa mwezi. Amene adutsa zaka 50 nthawi zambiri amafunika sabata iliyonse. Makutu amachedwerako, masabata atatu kapena anayi. Chosavuta n'kusankha tsiku limodzi pa sabata loyang'ana pa galasi. Anzanga ambiri amachita Lachisanu m'mawa pokonzekera ku mzikiti, ena Loweruka madzulo. Ngati palibe chotuluka, bwezerani sizasi m'kabati. Ngati muli ndi chimfine, kabala kapena kachiphuphu, dikirani mupole. Ndipo m'miyezi ya fumbi, kapena ngati ntchito yanu ndi ya pa utsi, dulani pang'ono kuposa nthawi zonse.

Chomaliza chikukhudza ife ometa. Chida cholowa m'mphuno chikhale cha munthu mmodzi ngati mswachi. Kachilombo ka matenda a chiwindi a hepatayitisi B kamatha kukhala moyo m'kadontho ka magazi ouma pa chitsulo kwa masiku 7, ndipo kupukuta mwachangu ndi sipiliti sikuti kumachotsa zonse. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa makasitomala anga kugula kasizasi kawo n'kumabwera nako m'thumba. Wometa wabwino sakhumudwa mukamufunsa mmene watsukira zida zake.

Ngati kunyumba kuli bambo kapena amalume amene ubweya wayamba kusuzumira, musawaseke pagulu. Maso awo mwina sakuonanso bwino pafupi, ndipo palibe amene amalimba mtima kuwauza. Gulani kasizasi kobulungira, khalani nawo pakhonde dzuwa lisanakwere, munene kuti: "Bambo, tabwerani ndikukonzeni pang'ono." Ambiri amakana kawiri, kachitatu amapendeketsa mutu.