Kwa mwana wa mlongo wanga: za makwinya a paphewa

Mwana wanga,

Bulauzi ya Mvano unatumiza ija ndaiona. Kolala yakhala bwino, koma paphewa pali makwinya, ndipo pa nsalu yoyera makwinya amaonekera kutali. Ndinamasula mkono umodzi n'kuyeza. Bowo la mkono ndi masentimita 44, mutu wa mkono 48. Vuto lagona pamenepo.

Mutu wa mkono uyenera kutalika kuposa bowo lake kuti ukute phewa, koma popilini ndi chitenje ndi nsalu zolukidwa mothina, sizimeza zambiri. Masentimita 2 akwana. Uziyeza pamzere wodzapita msoko, masentimita 1.5 kuchokera m'mphepete, tepi itaima chammbali kuti itsate kupindika. Pa mkono uwu dula sentimita imodzi pansonga, uzichepetsa potsika mpaka pa tizizindikiro, ndipo utsala ndi 46 kapena kuposerapo pang'ono. Tizizindikiro timeneti usamatiiwale podula: kamodzi kutsogolo, tiwiri kumbuyo. Mkono wamanja ukalowa kumanzere umapotoka, ngakhale usite chotani.

Ukatha kudula, talikitsa sitichi pamakina mpaka pothera, usoke mizere iwiri kuchoka pa chizindikiro chakutsogolo, kudutsa pansonga, kukafika chakumbuyo. Wina ukhale sentimita imodzi kuchokera m'mphepete, wina 1.3, ndipo usamange mfundo. Koka ulusi wa m'bobini wa mizere iwiriyo pamodzi, pang'onopang'ono. Apa ndi pamene ambiri amalakwa, amakoka ngati akusoka siketi yamagedha. Iwe ungofuna kuti mutuwo ufumbate ngati chikhatho. Pansonga penipeni, sentimita imodzi uku ndi uku, pasiye posalala, chifukwa nsalu pamenepo ili chowongoka ndipo siifupika. Yotsalayo uigawire m'mbali motsetsereka, momwe nsalu imagonja.

Baya mapini m'khwapa, paphewa ndi pa tizizindikiro, kenaka pakatipakati. Ndikudziwa umaona ngati n'kutaya nthawi, koma yamba walumikiza ndi singano yamanja, uitembenuze, uyang'ane. Ine ndakalamba ndi makina koma mpaka lero ndimatero. Bweza sitichi pa ya masiku onse, mkono ukhale pamwamba kuti uziuona, yambira m'khwapa, upalase mofatsa, zala zikutambasula nsalu uku ndi uku kwa singano. Ukaona kakhwinya kakubwera, ima singano ili pansi, kweza phazi la makina, usalaze.

Kakakupulumuka kamodzi usamasule mkono wonse. Masula masentimita 3 mbali zonse, salaza ndi chala, sokanso. Pomaliza sita msoko wokhawo cha mkati ndi nsonga ya simbi, kansalu konyowa kali pamwamba, kuopa phulusa la makala pa nsalu yoyera.

Mkono winawo sindinaukhudze. Ubwere Loweruka udzaukonze wekha. Upereke moni kwa bambo ako.

Ndine,
Azakhali ako