Tsiku limene ndinayamikira mwana wodwala kuti wanenepa

Anzanga, nkhani ya lero ndi yondichititsa manyazi, koma ndaona kuti ndiifotokozebe. Amene ndinakuphunzitsani Bayoloje mukukumbukira kuti ndinkakulembetsani pabolodi mawu awiri aja, kwashiyoko ndi marasimasi, n'kukuuzani kuti muloweze zizindikiro zake chifukwa zimabwera pa mayeso. Ndinaphunzitsa mutu umenewu zaka zoposa khumi. Koma tsiku limene matendawo anakhala pamiyendo pangapa, sindinawazindikire.

Munali mu Febuluwale 2016, chaka cha njala. Ndinapita kumudzi kukasiya thumba la chimanga kwa mayi. Nditafika ndinapeza mwana wa mlongo wanga, mtsikana wa zaka ziwiri ndi miyezi itatu, atakhala pamphasa pakhonde. Mayi ake anali atamuletsa kuyamwa mwadzidzidzi atazindikira kuti ali ndi pakati pena, ndipo anamutumiza kwa agogo ake kuti akaiwale bere. Ndinamunyamula, ndinaona masaya odzaza ndi timapazi tonenepa, ndiye ndinati, "Amayi, koma mwana mukumusamala! Njala yonseyi iye akunenepa?"

Mayi sanaseke. Anati, "Kunenepa kwake sikukundisangalatsa. Anatsekula m'mimba masabata awiri, ndipo chilekereni phala akulikana." Ine ndinayankha kuti ana amatero akasiya bere. Ndinagona mtima uli m'malo.

Amene ananditsegula maso ndi mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa Fomu 2 kalekale, tsopano ndi mlangizi wa zaumoyo m'dera lakwathu. M'mawa mwake anamva kuti ndabwera, anapatuka ndi njinga yake kudzandipatsa moni. Moni sanamalize n'komwe, maso ake anali pa mwana. Anagwada, anagwira mapazi onse awiri, nati, "Aphunzitsi, tabwerani muone."

Zimene anachita n'zosavuta, ndipo ndikufuna aliyense wa inu azidziwe. Anaika chala chake chachikulu pamwamba pa phazi lililonse, mapazi onse awiri nthawi imodzi, n'kudina mosapweteka koma molimbika. Anawerenga pang'onopang'ono mpaka katatu, ngati masekondi atatu, kenako anachotsa zala. Pamapazi onse awiri panatsala timaenje, ngati mmene chala chimasiyira dzenje pa nsima yozizira. Tinadikira, timaenjeto sitinafufutike msanga. Anandiuza kuti ndidine phazi langa, kenako la mwana wina wa pakhomo loyandikana. Khungu linabwerera pomwepo.

Kusiyana kwake n'kumeneko. Mafuta a mwana wonenepa amabwerera ukachotsa chala. Madzi sabwerera msanga. Mwana akaperewera zakudya m'thupi mpaka kufika pa kwashiyoko, madzi amatuluka m'mitsempha ya magazi n'kukadzaza m'minofu, ndipo amayambira kumapazi chifukwa ndiko kunsi. Zimene ine ndinazitcha kunenepa anali madzi.

Anatsindika kuti mapazi akhale onse awiri. Phazi limodzi likatupa, nthawi zambiri chimakhala china: minga, chilonda, kubinya kapena kulumidwa ndi kachilombo. Kutupa kwa kunyentchera kumabwera mbali zonse mofanana. Ndipo kumakwera. Kukakhala kumapazi kokha ndiye koyambirira. Kukafika m'miyendo ndi m'manja kwakula. Kukafika kumaso, zikope zitatupa, ndiye kwafika poipa kwambiri. Anadina pamsongolo pa mwana uja ndi kuseri kwa dzanja, monsemo munatsala timaenje. Masaya amene ndinawayamikira aja anali atayamba kale.

Kenako anatulutsa m'chikwama kalamba koyezera mkono, kaja ka mitundu itatu: kofiira, kachikasu ndi kobiriwira. Anapinda mkono wamanzere wa mwana, anapeza pakatikati pa nsonga ya phewa ndi chigongono, anauwongola kuti ulendewere momasuka, n'kuzunguliza kalambako mosathinitsa komanso mosalekerera. Muyeso umenewu ndi wa ana a miyezi 6 mpaka 59, kutanthauza osakwana zaka zisanu. Mkono ukakhala wochepera masentimita 11.5 umagwa pofiira, ndipo mwanayo ndi wonyentchera kwambiri. Kuyambira 11.5 koma osafika 12.5 ndi pachikasu, mwana wayamba kunyentchera. Kuyambira 12.5 kupita m'mwamba ndi pobiriwira. Kuti muone kuchepa kwake, dulani kaulusi ka masentimita 11.5 n'kukapinda ngati mphete. Mudzadabwa kuti mkono wa munthu ungalowemo.

Mwana wathu anapezeka ndi 11.9, pachikasu. Ine mtima unatsika pang'ono, ndinati, "Ndiye sizinafike poipa." Wophunzira wanga uja anapukusa mutu. Anati mwana aliyense amene watupa mapazi onse awiri motere amawerengedwa kuti ndi wonyentchera kwambiri, kaya mkono uli pachikasu kaya pobiriwira. Kutupa kumaposa kalamba. N'chifukwa chake iwo amayamba ndi mapazi, mkono pambuyo.

Tinatenga buku la kusikelo. Mwezi wapitawo mwana analemera makilogalamu 9.1, ndipo tsiku limenelo kuchipatala anapezeka ndi 9.4. Munthu woyang'ana manambala okha akanati mwana akukula. Apa ndi pamene kwashiyoko amapusitsa ngakhale anthu ophunzira: sikelo imalemera madzi pamodzi ndi mwana. Minofu inali ikutha, madzi akulowa m'malo mwake.

Nditamuyang'ananso ndi maso atsopano, zizindikiro zina zinali poyera. Tsitsi linali litafiira, lapyapyala, lowongoka, lothothoka ukangolikoka pang'ono. Kuseri kwa mawondo ndi m'mphechepeche khungu linali litada n'kuyamba kusupuka. Pamwamba pa mkono, pafupi ndi phewa, panali powonda ngakhale dzanja linali lotupa. Koma chimene chimandipwetekabe mpaka lero ndi khalidwe lake. Dzulo lake ndinamuyamikiranso kuti ndi mwana wofatsa, wosavuta. Mwana wa zaka ziwiri sayenera kukhala malo amodzi tsiku lonse osathamangitsa nkhuku. Iye ankangokhala, osaseka, osasewera, ukamunyamula n'kulira mofooka. Kufatsa kuja kunali kudwala.

Mtundu winawo, marasimasi, ndinauona ku wodi kumene tinagonekedwa. Mwana wa pabedi loyandikana nafe sanatupe paliponse. Nkhope inali ngati ya nkhalamba, nthiti zowerengeka, khungu la kumatako likulendewera makwinyamakwinya ngati kabudula womukulira. Mwana wotere kumudzi aliyense amaona kuti akudwala. Koma asanafike pamenepo, zovala ndi nsalu yoberekera zimabisa zambiri, ndipo mimba yotuluka imanamiza. Apa ndi pamene kalamba ka mkono kamathandiza, chifukwa minofu ya pamwamba pa mkono imayamba kutha anthu asanazindikire.

Tisanapite kuchipatala panali mlandu pakhomo. Azakhali ena atamva kuti mwana watupa anati ndi tsempho, kuti bambo a mwanayo, amene anali kuganyu kutali, ayenera kuti anayenda njira zosayenera. Anati pafunika mankhwala achikuda ndiponso kuti mlamu wanga aitanidwe adzaulule. Ine monga malume mawu anga anali ndi mphamvu, koma sindinafune kukangana ndi akuluakulu. Ndinati, "Azakhali, za alamu tidzakamba akabwera. Mwanayu sangadikire mlandu." Anavomera monyinyirika. Ndaganizapo kambirimbiri kuti tikanadikira sabata imodzi kuti mlamu apeze ndalama ya basi, kaya lero tikanakamba zotani.

Ine maganizo anga anali oti ndigule mazira, nyama ndi mkaka kuti mwana adye kwambiri. Ndi zimene ndinkaphunzitsa: akusowa mapuloteni, mupatseni mapuloteni. Wophunzira wanga anandiletsa. Thupi la mwana wotere lafooka mkati monse, mtima, chiwindi ndi matumbo. Kumuunjikira chakudya chambiri mwadzidzidzi kukhoza kumupha. Mankhwala okodzetsa ochotsa madzi nawonso ndi oopsa kwa iye. Chimene anatiuza ndi choti timufunditse bwino panjira, chifukwa ana otere amazizidwa msanga ngakhale kunja kukutentha, ndiponso kuti tizimupatsa kachakudya pang'ono pafupipafupi kuti shuga asatsike m'magazi. Anawonjezera kuti kutupa kwa mbali zonse kumabweranso ndi matenda a impso kapena a mtima. Chala chimangokuuza kuti thamanga, chogamula ndi chipatala.

Kuchipatala anamuyesa ngati angadye. Anatsegula paketi ya chiponde, anapatsa mayi kuti amudyetse pamalo achete. Mwana wotupa pang'ono amene akudya bwino ndipo alibe matenda ena akhoza kulandira chiponde n'kumadyera kunyumba, akumabwera kudzayezedwa. Wathu ananyambita kamodzi n'kutembenuza mutu. Anamugoneka ku wodi ya ana onyentchera. Anayamba ndi mkaka wapadera wotchedwa F-75, pang'onopang'ono usana ndi usiku, pamodzi ndi mankhwala opha tizilombo, ndipo anamuyezanso malungo ndi kachilombo ka Edzi.

Patatha sabata, sikelo inawerenga 8.5. Mayi analira, anati mwana akutha. Namwino anawaseka mowalimbitsa mtima, nati chimene chatha ndi madzi. Uja ndiye anali mwana weniweni, ndipo anali wowonda zomvetsa chisoni. Masiku omwewo anayamba kulandira chiponde. Tsiku lina m'mawa anandilanda cholembera m'thumba la malaya n'kumwetulira. Anamwino amati mwana wotere akamwetulira ndiye kuti wayamba kubwerera. Anatuluka patatha masabata awiri, ndipo anapitiriza chiponde kunyumba. Tinachita kulimbana ndi ana ena pakhomo amene ankachisirira, chifukwa chiponde chija ndi mankhwala a mwana mmodzi, si ndiwo za banja.

Pambuyo pake ndinabwerera ku mawu aja amene ndinkalemba pabolodi. Kwashiyoko ndi mawu a chinenero cha Chiga cha ku Ghana, ndipo dokotala wina, Cicely Williams, ndiye anawalowetsa m'mabuku a zachipatala mu 1935. Amanena za matenda amene amagwira mwana wochotsedwa kubere chifukwa kwabwera mng'ono wake. Ndendende nkhani ya pakhomo pathu: bere latha mwadzidzidzi, phala la ufa woyera lothira mchere wokha, kenako kutsekula m'mimba. Ndinkadziwa kalembedwe ka mawuwo koma osati nkhope yake.

Masiku ano ndikafika pa mutu umenewu sindiyambira pabolodi. Ndimabwera ndi nsima yozizira m'mbale, aliyense adine, awerenge mpaka katatu, aone dzenje. Kenako aliyense adine phazi la mnzake. Ndimadulanso timapepala ta masentimita 11.5 ndi 12.5 kuti apinde aone. Ndimawauza kuti timapepalato ndi tophunzirira chabe, kalamba kenikeni kali ndi a zaumoyo ndi kusikelo. Aphunzitsi anzanga, yesani, phunziro lake silitha mphindi khumi.

Mwana uja anachira, ndipo pano ndi wamtali, wolongolola ngati mayi ake. Wophunzira wanga amanditchulabe kuti aphunzitsi tikakumana, ine ndimangoseka. Ndikapita kumudzi, makamaka miyezi ya Januwale mpaka Malichi, ndikanyamula mwana wa masaya odzaza amene sakusewera ndi anzake, ndisananene kuti wanenepa ndimayamba ndagwira mapazi.