Agogo anamva kuti mtsikana wavomera

Sewero lathu la mawu okhaokha linali la mphindi 18, ndipo ntchito yolumikiza mawu, nyimbo ndi phokoso inali yanga. Nditamaliza ndinaliika pa kamemore khadi n'kupita nalo kumudzi, kuti agogo anga aakazi alimvere pa kawailesi kawo. Anakhala pamkeka, khutu atalozetsa ku sipika, mpaka linatha. Kenako anafunsa: "Ndiye mwanayo wavomera kukwatiwa ndi mdala uja?"

Ndinangoti kakasi. Pachimake pa sewero lonse mtsikanayo amanena kuti "sindikwatiwa". Agogo anamva "ndikwatiwa".

Poyamba ndinaimba mlandu wailesi, ndipo ndinakweza voliyumu n'kubwereza gawolo. Iwo anakwinya nkhope. "Iwe, chepetsa, zikundilasa m'khutu. Ndikungomva mvula ndi gitala." Zinandiwawa, chifukwa mvula ya pa malata ija ndinaikonda kwambiri, ndinachezera nayo usiku wonse.

Vuto ndi ili. Munthu akamakula, khutu limayamba kutaya mawu oonda, aja okwera, pamene mawu a besi amawamvabe. Mavawelo ngati a, o ndi u ali ndi mphamvu ndipo amakhala m'munsi. Koma s, f, ts ndi ch ndi mawu ofooka, okhala m'mwamba, cha ku 2000 Hz kupita kutsogolo. Tsono m'Chichewa kukana kwathu kumakhala pa kachidutswa kakang'ono, "si", kamene woyankhula amakadutsa mothamanga. Phokoso la mvula nalo ndi "sssss" wosalekeza. Ndinali nditakwirira s wa mtsikanayo ndi s wanga wochokera kumwamba. Ndipo kukweza voliyumu sikuthandiza, poti mawu ndi mvula zimakwerera limodzi, mpata wa pakati pake osasintha.

Nanga ine sindinazindikire bwanji? Seweroli ndinali nditalimva maulendo osawerengeka, m'mahedifoni, ndi makutu a zaka 27. Mawu onse ndinkawadziwa pamtima, ndiye ubongo unkangodzaza wokha pomwe khutu silinamve.

Nditabwerera m'tauni ndinatsegulanso fayilo mu Audacity. Mwayi wake, mawu a osewera anali pa mzere wawo, nyimbo ndi mvula pa mzere wina. Muli chida chotchedwa Auto Duck, chimene chimatsitsa nyimbo nthawi iliyonse munthu akayamba kuyankhula n'kuikwezanso akasiya. Umaika mzere wa mawu pansi penipeni pa mzere wa nyimbo, n'kusankha wa nyimbowo, chidacho chimamvera wa pansiwo. Chimabwera chitaikidwa kale pa -12 dB. Kwa ine zinamveka zokwanira, koma ndinali nditasiya kudalira makutu anga. Malangizo a WCAG, okhudza kuti zinthu za pa intaneti zifikire aliyense, amati phokoso la kumbuyo likhale pansi pa mawu ndi madesibelo 20, kutanthauza kuti lizimveka motsika pafupifupi kanayi. Gitala wanga poyamba anali pansi ndi madesibelo asanu okha, choncho ndinamutsitsa ndi ena 15.

Apa panabuka china. Munthu akangopuma pakati pa ziganizo, gitala ankadzuka, kenako n'kugwanso, ngati wina akuseweretsa batani. Kukwera ndi kutsika kotere kumatopetsa kuposa nyimbo yongokhala pamodzimodzi. Ndinasintha Maximum pause kuchoka pa sekondi imodzi kufika pa awiri, kuti nyimbo izidikira kaye, ndipo zinakhazikika.

Mvula ija ndinachita nayo mwina. Ndinailola kugwa mwamphamvu masekondi anayi gawolo likamayamba, kuti womvera adziwe kuti kunja kukugwa mvula, kenako ndinaitsitsa kwambiri n'kuidulanso mbali yake yoonda ija ndi Filter Curve EQ. Inatsala ngati mkokomo wakutali. Pa chiganizo cha mtsikanayo ndinaichotseratu. Ndinkaopa kuti pamveka mbuu, koma kachetechete kaja kanachititsa "sindikwatiwa" kulemera kuposa kale.

Gawo limodzi linandikanika. Tinalijambulira pamsika penipeni, ndipo mahutala a minibasi analowa mu maikolofoni imodzi ndi mawu a osewera. Zikasakanikirana choncho palibe mzere woti utsitse. Ndinayesa kuchotsa phokosolo, mawu n'kuyamba kumveka ngati munthu ali m'chidebe. Tinajambulanso m'chipinda, zenera titatchinga ndi bulangeti, msika ndinauika pambuyo pake.

Ulendo wachiwiri ndinaliyesa kaye pa sipika ya foni, ndili patali, mlongo wanga yemwe sankaidziwa nkhaniyo akundiuza zomwe wamva. Kenako kwa agogo. Mawu ena anawaphonyabe, makamaka a mnyamata wina amene amameza mathero a ziganizo, ndipo pamenepo kompyuta singachitepo kanthu. Koma atafika pa mtsikana uja anaomba m'manja kamodzi. "Eya, wakana! Koma mvula ija yapita kuti? Inali yabwinotu."