Tebulo la mankhwala limayambira pa kagwiridwe kake

Ine ndine namwino, ndimakhala pa Chonde, kufupi ndi Luchenza, mumsewu wochoka ku Thyolo kulowera ku Mulanje boma. Ndikaweruka ndimagwira ntchito ina imene ophunzira unamwino a m'makoleji a kuno kwathu, monga la Mulanje Mission ndi la Malamulo, amandidziwa nayo: amanditumizira pafoni masilaidi a phunziro la mankhwala, ine n'kuwasandutsa tebulo la tsamba limodzi. Zida zanga ndi pepala lalikulu logoneka chopingasa, rula, pensulo, cholembera chofiira, ndi buku la malangizo a kaperekedwe ka mankhwala la Unduna wa Zaumoyo.

Mphunzitsi akamaphunzitsa amayenda ndi nkhani. Ayamba ndi mtima, apite ku impso, akumbuke wodwala wina, kenako abwererenso ku mankhwala amene anawatchula poyamba. Pomvetsera zimakoma, koma pobwereza zimasokoneza, chifukwa mfundo za gulu limodzi zimakhala zitamwazikana. Choncho poyamba sindilemba kanthu. Ndimawerenga phunziro lonse, n'kumazunguliza dzina lililonse la mankhwala, kenako ndimawasonkhanitsa m'magulu. Pa mankhwala a bipii, mathero a mayina amandithandiza: pa silaidi, othera ndi `-pril` ndi gulu limodzi, othera ndi `-olol` ndi lina, othera ndi `-dipine` ndi linanso. Gulu lililonse limatenga mzere wake, ndipo ndimaika kutsogolo mankhwala amene wophunzira akawapezedi kufamase kwathu, monga enalapulili, atenololo ndi amulodipini.

Madanga amakhala anayi: mmene mankhwala amagwirira ntchito m'thupi, matenda amene amaperekedwera, zovuta zimene amabweretsa, ndi machenjezo. Lamulo langa ndi lakuti danga loyamba ndiye mwini tebulo. Chilichonse cholembedwa m'madanga atatu enawo chiyenera kukhala ndi muvi wochokera m'danga loyambalo. Chimene chasowa muvi ndimachilemba ndi chofiira, kusonyeza kuti ichi n'chongoloweza pamtima.

Tiyeni titenge mzere wa enalapulili. M'danga loyamba ndimalemba ziganizo ziwiri zokha. Choyamba: mankhwalawa amatsekereza enzaimu imene imasandutsa anjiyotensini woyamba kukhala wachiwiri, yemwe amafinya mitsempha ya magazi ndi kuyambitsa alidositeroni, wosunga mchere ndi madzi m'thupi n'kumataya potaziyamu mumkodzo. Chachiwiri: enzaimu yomweyo ndi imene imaphwanya buladikinini, choncho ikatsekerezedwa, buladikinini amachuluka. Ophunzira ambiri amasiya chiganizo chachiwirichi poganiza kuti n'chapadera, pamene theka la mzerewu likutsamira pa icho.

Danga la ntchito limadzaza lokha. Mitsempha ikamasuka bipii imatsika, ndipo mtima wofooka umapeza popumira chifukwa sukukankhanso magazi m'njira zothina. M'tizosefera ta impso mphamvu ya magazi imatsikanso, n'chifukwa chake mankhwalawa amaperekedwa kwa wodwala shuga amene mkodzo wake wayamba kuonetsa puloteni.

Zovuta nazo zimatuluka m'ziganizo ziwiri zija. Alidositeroni akachepa, potaziyamu amatsalira m'magazi. Mitsempha ikamasuka mwadzidzidzi, munthu amachita chizungulire akaimirira, makamaka pa mlingo woyamba kapena ngati akumwanso mankhwala okodzetsa. Buladikinini wochuluka uja ndiye amabweretsa chifuwa chouma, chokanda kukhosi, chopanda makhololo, ndipo mwa apo ndi apo amatupitsa milomo, lilime ndi kummero. Pa chifuwacho ndimaonjezera mawu amene sapezeka m'mabuku ochokera kunja. Kuno kwathu munthu akatsokomola masabata awiri timaganiza za chifuwa chachikulu, ndipo n'zoyenera kumuyeza. Koma ngati makhololo alibe kanthu, sakuonda, sakutuluka thukuta usiku, tsegulani kabuku kake ka kuchipatala muone ngati sanayambe enalapulili miyezi yapitayi. Mankhwala a chifuwa sangamuthandize. Chifuwacho chimatha akamusinthira mankhwala a bipii.

Pamene pamagona luso ndi posiyanitsa danga lachitatu ndi lachinayi. Matebulo ambiri amene ophunzira amandionetsa amalemba zinthu zomwezomwezo kawiri. Ine ndimadzifunsa funso limodzi: kodi mfundo iyi ingandiletse kupereka mankhwala, kapena kundichititsa kanthu ndisanapereke? Ngati inde, ndi chenjezo, ndipo ndimalilemba ngati lamulo, loyamba ndi mneni. Musapereke kwa mayi woyembekezera, chifukwa mankhwalawa amaononga impso za mwana ali m'mimba. Pafupi pake ndimalemba kuti mayiyo amapatsidwa metiludopa kapena nifedipini. Funsani mayi aliyense wa msinkhu wobereka za kulera. Yezetsani kireyatinini ndi potaziyamu musanayambe, ndi pakatha sabata imodzi kapena masabata awiri. Kireyatinini akakwera kupitirira 30 pa 100 iliyonse, adokotala aunikenso. Samalani ngati wodwala akumwanso sipironolakitoni, pakuti onse awiri amasunga potaziyamu. Funsani za burufeni ndi dikulofenaki, omwe anthu amangogula okha msana ukawawa atachoka kumunda, chifukwa akakumana ndi enalapulili impso zimavutika. Lilime likatupa, siyitsani pomwepo ndipo asadzamwenso aliyense wa m'gululi.

Ngozi ya tebulo la magulu ndi yakuti limafananitsa zinthu zosiyana. N'chifukwa chake pansi pa mzere uliwonse ndimasiya kampata ka osiyana ndi anzawo. M'gulu la `-olol`, pulopulanololo amatsekereza malo olandirira uthenga a mumtima ndi a m'mapapo momwe, choncho amatha kubanikitsa munthu wa mphumu. Atenololo amakonda a mumtima, koma pa mlingo waukulu nayenso amafika m'mapapo. Wolemba kuti gulu lonse ndi lofanana walakwa, ndipo wolemba kuti atenololo alibe vuto pa mphumu walakwanso. Pa amulodipini ndimalemba kuti kutupa kwa akakolo kumachokera ku kumasuka kwa timitsempha, osati kuchuluka kwa madzi m'thupi, choncho furusemaidi sathandiza kwenikweni.

Milingo sinditengera pa masilaidi. Manambala amasochera pokopera, ndipo masilaidi ena amachokera m'mabuku a mayiko ena. Ndimatsegula buku la Unduna, n'kulemba mlingo ndi muyezo wake wonse: amulodipini mamiligalamu 5 mpaka 10 kamodzi patsiku. Nambala yopanda muyezo ndimaifufuta.

Ndikamaliza ndimaliyesa tebulo. Ndimaphimba madanga atatu ndi pepala, n'kumuuza wophunzira kuti: "Achemwali, werengani danga loyambali, mundiuze zimene ndaphimbazi." Akatchula chifuwa chouma, potaziyamu ndi chizungulire osasuzumira, ndiye kuti mzerewo wakhoza. Akakakamira, ndimakonza danga loyambalo, chifukwa nthawi zambiri ndi limene lafupika mopitirira. Chizindikiro china cha tebulo lodwala ndi danga la zovuta lodzaza ndi mutu, nseru ndi kutsegula m'mimba pa mzere uliwonse; zimenezo sizisiyanitsa gulu ndi linzake, ndipo zimabisa chovuta chimodzi chimene chingaphe munthu.

Inu amene mukuphunzira, musangojambula tebulo la mnzanu pafoni. Lembani lanu pamanja, gulu limodzi pa mzere, ndipo musadzaze danga lachiwiri musanathe kufotokoza loyamba m'Chichewa chimene agogo obwera ku kiliniki ya bipii angamve.