Mabokosi Awiri ndi Batani Limodzi

Ntchito yanga ndi kuyesa mapulogalamu a pakompyuta asanafike m'manja mwa anthu. Pa intavyu iliyonse imene ndapitako, funso ili silisowa: "Nali tsamba lolowera, lili ndi bokosi la imelo, la pasiwedi ndi batani. Mungaliyese bwanji?"

Ulendo woyamba ndinangoyamba kulakatula mayeso ngati mwana wa sukulu woloweza, mpaka ndinatchula za kutseka akaunti. Bambo wina pagulu la ofunsawo anandidula: "Pepani achimwene, mwadziwa bwanji kuti akaunti iyenera kutsekedwa?" Ndinasowa chonena, ndipo ntchitoyo inandidutsa.

Masiku ano ndimayamba ndine kufunsa. Pasiwedi ikhale yotalika bwanji? Munthu akalakwitsa kangati ndiye akaunti itsekedwe? Popanda mayankho amenewa sungasiyanitse cholakwika ndi chimene eni ake anafuna.

Tinene kuti ayankha kuti pasiwedi ndi ya zilembo 8 mpaka 64, ndipo akaunti imatsekedwa munthu akalakwitsa katatu. Ndimayamba ndi imelo ndi pasiwedi zolondola, chifukwa khomo likakana mwini nyumba, zina zonse n'zachabe. Kenako ndimapita m'malire. Ndimatsegula akaunti ya pasiwedi ya zilembo 64 n'kuyesa kulowa nayo. Ndinapezapo tsamba limene polembetsa linkalandira zilembo zonsezo, koma bokosi lolowera linkangotenga 20 zoyamba, moti mwini akauntiyo ankakanidwa osadziwa chifukwa. Ndimayesanso imelo yokhala ndi mpata kumapeto, poti mafoni amakonda kuuwonjezera okha.

Pa kutseka akaunti ndimachedwapo. Ndimalakwitsa kawiri, kachitatu n'kulemba zolondola, ndipo ndiyenera kulowa. Ndikatuluka ndimalakwitsanso kamodzi. Ikatsekedwa pamenepo, ndiye kuti pulogalamuyo sinafufute zolakwitsa zakale zija. Ndikalakwitsa katatu motsatizana, ndimayesa kulowa pafoni ina. Ikandilola, ndiye kuti kuwerengako kukuchitika pachipangizo changa osati pa seva, ndipo wakuba angazembe mosavuta.

Uthenga wokana nawo ndimauwerenga bwino. Ukanena kuti pasiwedi ndiyo yolakwika, wauza wakuba kuti imeloyo ilipo, kwangotsala kulota pasiwedi. Uthenga uzikhala umodzimodzi, kaya chalakwika ndi chiti. M'bokosi la imelo ndimalembamonso ichi:

```
' OR '1'='1' --
```

Ngati pulogalamu ikusakaniza zimene munthu walemba ndi lamulo lake la SQL, timawu timeneti tingatsegule khomo popanda pasiwedi. Pomaliza ndimatuluka n'kudina batani lobwerera m'mbuyo, kuti ndione ngati zinthu za mwini akaunti zikuonekabe.

Kawirikawiri ofunsa amatsiriza ndi kuti, "Mutakhala ndi mphindi 10 zokha?" Ndimasankha zitatu: mwini alowe, mlendo akanidwe, wolakwitsa katatu atsekeredwe. Maonekedwe a batani angadikire mawa.