Mtengo wa Telala Uchokera Kuti?

Abale, ambiri a ife tikapita ndi nsalu kwa telala timayamba kunenerera tisanamve bwino mtengo wake. Timaganiza kuti mtengowo wangotuluka m'mutu mwake, ndipo nthawi zambiri ndi momwemodi, pakuti atelala ambiri amangotsata mtengo wa mnzawo wapafupi. Ine ntchito yanga pa mgodi ndi yolemba maola a anthu, chotero ndinazolowera kufunsa kuti ola limodzi la munthu lili ndi mtengo wanji.

Pafupi ndi komponi yathu pali bambo wina wa kwathu, wamkulu kwa ine, amene amasoka m'kachipinda ka lendi. Anandidandaulira kuti makina sapuma, koma mwezi ukatha m'thumba muli mbee. Ndinati, "Bambo, tiyeni tilembe zonse zimene shopu yanu imadya pa mwezi, ngakhale zazing'ono."

Lendi inali marandi 1,200, magetsi 300. Ulusi, singano, mabatani, choko ndi mafuta a makina zinakwana 500. Ulendo wa ku tauni kukagula zimenezi unali 280. Atafika apo anati zatha, koma ndinawakumbutsa za makina. Anawagula marandi 7,200, ndipo amayembekeza kuti adzagwira ntchito yolemetsa zaka 5, ndiyo miyezi 60. Tsono mwezi uliwonse ayenera kupatula 120, kuti tsiku limene makinawo adzafe asadzagwire njakata. Zonse pamodzi zinakwana marandi 2,400, ndipo ndalama imeneyi imatuluka ndithu, kaya asoka kaya sasoka.

Chinatsala ndi chimene atelala ambiri amaiwala, ndicho malipiro a mwini wake. Telala amadya, amavala, amatumizanso ndalama kumudzi monga ife. Bambowa anati 4,800 ingawakwanire. Kuphatikiza ndi 2,400 ija, shopu iyenera kulowetsa marandi 7,200 pa mwezi.

Tsono ndalamayi tiigawe bwanji pa zovala? Kuigawa mofanana sikungathandize, pakuti kuika zipi sikulingana ndi kusoka buluku. Tinaigawa ndi maola. Iwo amatsegula masiku 24 pa mwezi, maola 8 pa tsiku. Koma maola onsewo sakhala akudula ndi kusoka ayi. Pali kuyeza anthu, kulonjera alendo, kusesa ndi kupita kogula ulusi. Tinapeza kuti maola a ntchito yeniyeni ndi 6 pa tsiku, ndiwo 144 pa mwezi. Marandi 7,200 kugawa ndi 144, yankho ndi 50. Umenewo ndiwo mtengo wa ola limodzi la bambowa.

Zotsalazo zinali zosavuta. Buluku limawatengera maola 4, chotero kusoka kwake ndi marandi 200. Malaya a manja aatali ndi maola 3, ndiye 150. Kupinda miyendo ya buluku ndi theka la ola, ndiye 25. Nsalu sitinaiike m'zowerengera za mwezi, chifukwa ambiri amabwera ndi yawo. Telala akagula yekha, aionjeze pamwamba: mita imodzi ndi theka pa marandi 80 mita imodzi ndi 120, ndipo bulukulo lifika 320.

Apa ndi pamene anaona dzenje limene ndalama zawo zimagweramo. Buluku ankasokera 150. Kusiyana kwa 50 kumaoneka kochepa, koma m'maola 144 muja mumatuluka mabuluku 36, ndiye kuti marandi 1,800 amatayika mwezi uliwonse. Mwini nyumba sachotsako lendi yake, chotero ndalamayo imachoka pa chakudya cha telala ndi cha ana ake. Chizindikiro chake nchodziwika: mukaona telala akulipira lendi ndi ndalama imene munthu anasiya ya nsalu, dziwani kuti mtengo wake uli pansi.

Kuwerengera kumeneku kuli ndi malire ake. Mu Disembala ntchito imachuluka chifukwa anthu akupita kumudzi, koma mu Januwale makina amakhala duu. Amene awerengera maola a Disembala okha adzaika mtengo wochepa. Kuli bwino kulemba maola a miyezi ingapo m'kabuku, ndi kutenga chapakati. Chinanso ndi ichi: buluku la kaunjika likhoza kutsika mtengo kuposa 200. Pamenepo telala asapikisane nalo, koma achulukitse ntchito imene kaunjika sangaichite, monga kukonza zong'ambika, kuchepetsa zazikulu ndi kusoka mayunifolomu.

Mawu otsiriza ndi a kwa ife osoketsa. Wina amatenga suti pa ngongole, ntchito yake ikatha nakwera basi usiku osatsazika. Maola amene telala anathera pa sutiyo sabwereranso, ndipo lendi ya mwezi umenewo amailipira yekha. Chifukwa chake telala akakuuzani kuti musiye theka la ndalama asanadule nsalu, musamuyese wouma mtima.